Pepala lakale la mayeso limathandiza pokhapokha mwana akalichonga

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, mkangano womwewomwe umabuka pa wailesi, m'maminibasi ndi pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi: kodi mwana wa Fomu 4 azikonzekera bwanji mayeso? Ena amati alembe mapepala akale a MANEB ochuluka momwe angathere, a zaka khumi zonse ngati alipo. Ena amati mapepala amenewa ndi amene aononga maphunziro, chifukwa ana asiya mabuku ndipo akungoloweza mayankho. Ine ndikuti mapepala akale ndi chida chabwino koposa chimene mwana wa sukulu yoyendera ali nacho, koma phindu lake silili pa kuchuluka kwa mapepala amene walemba. Phindu lili pa ola lachiwiri, ola limene mwana amabwerera pa zomwe walemba, n'kupeza pamene wataya malikisi, n'kutchula chifukwa chenicheni chimene wawatayira. Mwana amene walemba mapepala atatu n'kuwachonga mwa njira imeneyi wakonzeka kuposa mnzake amene walemba khumi n'kuwaunjika pansi pa bedi.

Kuti tisamangokangana za m'malere, tiyeni titsatire kankhani kakafupi ka mtsikana wina wa Fomu 4 pa sukulu yoyendera. Nkhaniyi ndi yopeka, koma zolakwa zake ndi zomwe mphunzitsi aliyense wa Masamu amazidziwa. Kwawo kulibe magetsi. Ali ndi kanyali ka sola kamene batire yake yatopa, moti ikatha maola awiri kuwala kumayamba kufiira. Lolemba madzulo, atatsuka mbale, akusankha mafunso khumi pa pepala lakale la Masamu, onse pamodzi malikisi 50. Akuwerengera nthawi motere: ngati pepala la malikisi 100 lapatsidwa maola awiri, ndiye kuti malikisi 50 ayenera kutha mu ola limodzi, ndipo funso la malikisi 5 lisapitirire mphindi 6. Akutseka makope onse, akupempha foni ya mayi ake kuti aziona nthawi, ndipo akuyamba. Ola litakwana akuika bolopeni pansi, ngakhale funso lomaliza sanaligwire. Mayi ake akufunsa ali pa mphasa: "Wamaliza kale, mwanangu?" Iye akuti, "Ayi amayi, ndangolemba. Kuchonga ndi mawa."

Mawa lake akuchonga ndi bolopeni ya mtundu wina, ndipo wapeza 27 pa 50. Ana ambiri amaima pomwepa. Amaona nambala, mtima n'kugwa kapena kusangalala, kenako n'kutenga pepala lina. Mtsikanayu akuchita china: akutenga malikisi 23 amene atayikawo n'kuwagawa malinga ndi chifukwa chake. Malikisi 6 apita pa funso la malogalizimu, mutu umene sanaumvetse kuyambira tsiku limene anaphunzira. Malikisi 5 apita pa funso lomaliza lija, limene akanalikhoza nthawi ikanakhalapo. Malikisi 3 apita chifukwa chosawerenga funso mpaka kumapeto, monga pamene anauzidwa kupereka yankho la manambala awiri kumanja kwa kadontho iye n'kulemba nambala yathunthu. Malikisi 9 otsalawo apita pa chinthu chimodzi chokha chimene chabwera katatu: chizindikiro chochotsera. Tsono taonani chimene kugawaku kwaulula. Pa malikisi 23 onse, ndi 6 okha amene akufuna kuti atsegule buku n'kuphunziranso mutu. Enawo 17 ndi a zinthu zimene amazidziwa kale. Akanangoona 27 n'kunena kuti "Masamu amandivuta", akanayambanso kuwerenga buku lonse kuchokera pa tsamba loyamba, n'kutha batire ya nyali pa mankhwala a matenda amene alibe.

Tione funso limodzi pafupi. Anauzidwa kupeza x mu 2x² − 5x − 3 = 0, ndipo fomula ankaidziwa bwinobwino: x = (−b ± √(b² − 4ac)) / 2a, pomwe a = 2, b = −5 ndi c = −3. Pofuna b², pa kakyuleta anadina chonchi:

```
-5²
```

Kakyuleta inamupatsa −25, chifukwa imayamba yachulukitsa 5 ndi 5, kenako n'kuika chochotsera patsogolo. Ataphatikiza ndi 24 anapeza −1, ndipo atafuna muzu wa −1 pa galasi panatuluka Math ERROR. Anabwereza katatu, kudina zomwezo, kupeza zomwezo, ndipo apa ndi pamene panathera mphindi za funso lomaliza lija. Choncho zolakwa ziwiri zimene zimaoneka zosiyana, ya chizindikiro ndi ya nthawi, zinali ndi gwero limodzi. Chofunika chinali mabulaketi:

```
(-5)²
```

Apa yankho ndi 25, kuphatikiza 24 ndi 49, muzu wake ndi 7, ndipo x ndi 3 kapena −½. M'kope lake la zolakwa, kope wamba la masamba 40 limene analigawa mizere inayi, analemba tsiku ndi nambala ya funso, zimene iye analemba, chifukwa chake, ndi lamulo loti azitsatira. Pa chifukwa sanalembe kuti "kusasamala". Mawu amenewo sachiritsa kanthu, chifukwa palibe amene amadziwa chochita mawa kuti asiye kusasamala. Analemba kuti: "Nambala yochotsera ndikamailowetsa mu fomula sindiika m'mabulaketi." Pa lamulo analemba kuti: "Ndizilemba a, b ndi c pambali ndisanayambe, ndipo yochotsera iliyonse ilowe m'mabulaketi."

Patatha masiku atatu anabwerezanso funso lomwelo osaona kope. Mabulaketi anawakumbukira, 49 anamupeza, koma pa −b analemba −5 m'malo mwa 5, ndipo anapeza ½ ndi −3. Ulendo uno sanadikire woti amuuze. Anabwezera −3 mu funso: 2 kuchulukitsa ndi 9 ndi 18, kuphatikiza 15 ndi 33, kuchotsa 3 ndi 30. Pamayenera kutuluka 0. Anabwerera mzere ndi mzere mpaka anachipeza. Patatha sabata anatenga funso la mtundu womwewo pa pepala la chaka china, la manambala ena, ndipo analikhoza mu mphindi zinayi. Pokhapo ndi pamene anadula mzere pa cholakwacho m'kope muja. Nkhani yake yathera apa, ndipo sindikuuzani kuti anakhoza ndi mapointi angati, chifukwa mfundo yanga sidalira zimenezo.

Tsopano timve otsutsa. Oyamba ndi amene amati chofunika ndi kuchuluka. Iwo amati mafunso a MANEB amabwerezedwa, choncho amene waona mapepala ambiri sadzadabwa m'chipinda cha mayeso, ndipo nthawi imene mtsikanayu watha pa funso limodzi akanalemba pepala lina lathunthu. Pali choona pamenepa. Kuzolowera kaonekedwe ka pepala, kafunsidwe kake ndi liwiro lake kumachepetsa mantha, ndipo mwana amene sanaonepo pepala lenileni mpaka tsiku la mayeso walakwiridwa. Komabe chimene chimabwerezedwa ndi mutu ndi kafunsidwe, osati manambala. Funso la fomula ija lidzabweradi, koma b adzakhala −7 kapena −3, ndipo mwana amene saika mabulaketi adzagwa pa dzenje lomwelo. Choopsa kwambiri n'chakuti kulemba kosachonga sikusiya mwana pamene anali: kumakhomerera cholakwacho. Dzanja limene ladina −5² popanda mabulaketi pa mapepala khumi lazolowera, ndipo tsiku la mayeso, mtima ukugunda, dzanja limachita zimene linazolowera. Zili ngati denga lodontha: ungathire udzu pamwamba ponse chaka ndi chaka, koma ngati sunaike chizindikiro pamene pakudontha mvula ili mkati, madzi adzalowabe pomwepo. Motero kuchuluka kuli ndi malo ake, koma kumabwera pambuyo, m'masabata omaliza, pamene zolakwa zazikulu zadulidwa kale m'kope ndipo chotsala ndi kuyesa liwiro pa pepala lathunthu.

Achiwiri akuchokera mbali ina. Awa, ambiri mwa iwo aphunzitsi odzipereka, amati mapepala akale amasandutsa sukulu kukhala malo olowezera, ndipo mwana amatuluka ndi satifiketi koma mutu mulibe kanthu. Nkhawa yawo ndimaimva, ndipo ndikuvomereza kuti zimachitikadi. Koma tiyeni tifunse kuti zimachitika motani. Mwana amatsegula kabuku ka mafunso ndi mayankho, amawerenga funso, maso n'kutsikira pa yankho nthawi yomweyo, n'kugwedeza mutu kuti "eya, ndikanatero". Kumva kuti chinthu ukuchizindikira ukachiona n'kosiyana ndi kutha kuchitulutsa m'mutu papepala loyera, ndipo mayeso amayesa chachiwirichi. Vuto ndi dongosolo lake, yankho kubwera mwana asanayese. Mukalitembenuza, mwana n'kuyamba walemba buku lili chitsekere, pepala lakale limamubweza ku buku m'malo momuchotsako, ndipo limamubweza pa tsamba lenileni. Mtsikana uja anabwerera ku malogalizimu ali ndi funso m'mutu, akudziwa pamene anakakamira, ndipo kuwerenga kotero kumalowa. Pali malire awiri amene aphunzitsiwa akunena zoona. Choyamba, kulemba mafunso a mutu umene sunaphunzitsidwe sikuphunzitsa kanthu, kumangofooketsa, choncho mwana wa teremu yoyamba asankhe mafunso a mitu imene yatha m'kalasi. Chachiwiri, silabasi imasintha. Mapepala akale kwambiri ali ndi phunziro limodzi la sayansi limene linkaphatikiza Fizikisi ndi Kemisitiri, pomwe lero awa ndi maphunziro awiri, ndipo mabuku owerenga a Chichewa ndi Chingerezi nawonso amasinthidwa. Mwana asanathe usiku pa funso lakale, aone kaye ngati mutuwo uli mu silabasi ya pano.

Otsutsa achitatu ndi amene ali ndi mfundo yolemera kuposa onse. Iwo amafunsa kuti: mwana adzichonga bwanji yekha? Mapepala ambiri amene amazungulira m'masukulu alibe mayankho, timabuku ta mayankho timene timagulitsidwa tina tili ndi zolakwika, ndipo munthu amene walakwitsa chifukwa chosadziwa sangaone cholakwa chakecho. Apa yankho langa lili pawiri, chifukwa maphunziro sali ofanana. Mu Masamu ndi masayansi, mbali yaikulu mwana angathe kuitsimikizira yekha, ndipo luso limeneli adzalowa nalo m'chipinda cha mayeso momwe mulibe womuchongera. Taona kale kubwezera yankho mu funso. Njira ina ndiyo kufunsa ngati yankho lili lomveka pa zinthu zenizeni. Tengani funso la Kemisitiri lofuna mamolo a NaOH mu 25 cm³ za madzi a mphamvu ya 0.1 mol/dm³. Mwana amene waiwala kugawa ndi 1000 apeza mamolo 2.5. Molo imodzi ya NaOH imalemera magalamu 40, ndiye kuti akunena kuti magalamu 100 asungunuka m'madzi osakwana masipuni akuluakulu awiri, chinthu chosatheka. Yankho loona ndi mamolo 0.0025, amene ndi magalamu 0.1. Chimodzimodzinso, akadina sin 30 n'kupeza −0.988 m'malo mwa 0.5, asakayikire mutu wake, ayang'ane kachilembo kamene kali pamwamba pa galasi: kakyuleta ili pa RAD m'malo mwa DEG, mwina mnzake amene anabwereka anaisintha, ndipo mafunso onse a maengo atuluka olakwa mpaka ataibweza. Ndi chifukwa chakenso njira iyenera kulembedwa mzere ndi mzere. Ochonga amapereka malikisi a njira padera ndi a yankho, ndipo mwana amene amangolemba yankho lomaliza amataya onse akaphonya, komanso alibe poyambira pofufuza pamene anasokonezera.

Mbali yachiwiri ya yankho langa ndi kuvomereza. Chimangirizo, chifupikitso ndi mafunso ofuna kufotokoza mu Bayoloje kapena Mbiri mwana sangadzichonge mokwanira. Angathe kuona zina, monga ngati funso la malikisi 4 waliyankha ndi mfundo imodzi yokha, kapena ngati wangotchula chinthu pamene anafunsidwa kufotokoza chifukwa chake. Koma chiganizo cha Chingerezi chimene chikumveka bwino m'khutu mwake chidzamvekabe bwino akachiwerenga kakhumi. Izi si zazing'ono, chifukwa popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE palibe, ndipo mayunivesite a boma amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, kutanthauza giredi ya pakati pa 1 ndi 6 pa sikelo ya 1 mpaka 9. Apa pakufunika mphunzitsi. Komabe ngakhale apa, kope la zolakwa limasintha zinthu. Mphunzitsi wa makalasi odzaza sangachonge zimangirizo zathunthu za mwana aliyense sabata iliyonse, koma mwana akabwera pa nthawi yopuma n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndime iyi yokha, ndionereni ngati nthawi za aneni ndazisakaniza," zimatenga mphindi zitatu ndipo ambiri sakana. Safunsa anadya phula, koma wofunsa funso lolunjika ndi amene amayankhidwa msanga. Masukulu nawo ali ndi ngongole pano. Malipoti a akuluakulu ochonga mayeso, amene amafotokoza zolakwa zimene ana ambiri anachita pa funso lililonse, sayenera kugona mu kabati ya ofesi. Awerengedwe m'kalasi, pepala la chaka chimenecho lili pa desiki. Mayeso oyeserera nawonso akachongedwa, mapepala abwezedwe kwa eni ake pasanathe nthawi, chifukwa moko imene mwana wangomva malikisi ake osaona pepala lake yataya theka la ntchito yake.

Pali enanso amene sanena poyera, koma maganizo awo amamveka nyengo ya mayeso ikayandikira: kuvutikiranji zonsezi pomwe likasa lidzatuluka? Awa sindiwachedwera. Mu 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa, analembanso kumayambiriro kwa 2021. Amene anadalira likasa anatsala manja ali m'khosi pa mayeso achiwiriwo, pomwe amene ankadziwa kuika mabulaketi ankadziwabe. Kuonjezera apo, mwana amene amayembekeza likasa amasiya kuchonga zolakwa zake miyezi ingapo mayeso asanafike, ndiye likakhala labodza, wataya ndalama ndi nthawi yomwe.

Otsiriza ndi amene amati nkhani ya mtsikana wa pa nyali ndi yokoma kuimva koma imabisa chilungamo. Iwo amati mnzake wa ku sukulu yogonera ali ndi magetsi, laibulale ndi nthawi yowerenga yoikika, pomwe uyu amayenda mtunda, amatunga madzi, amaphika, ndipo kumuuza kuti "phunzira pa zolakwa zako" ndi kumusenzetsa mlandu wa umphawi umene sanaupange. Ndikugwirizana nawo kuti kusiyanaku n'kwenikweni, ndipo kope la masamba 40 silingalowe m'malo mwa mphunzitsi wa Fizikisi amene kulibe kapena labotale yopanda zipangizo. Koma mfundo yomweyi ikulimbikitsa mbali yanga. Amene ali ndi maola asanu a kuwala angathe kuononga awiri osamva kupweteka. Amene ali ndi awiri okha sangakwanitse kuwathera pa kuwerenga zimene amadziwa kale, ndipo njira yokhayo yodziwira zimene sadziwa ndi kuchonga. Choncho maola akewo agawidwe mwanzeru. Kulemba kwa nthawi yoikika kuchitike usiku, pamene pakhomo pali bata, ndipo kuyambe nyali ikadali ndi mphamvu. Kuchonga, ngati n'kotheka, kuchitike masana ku sukulu asanaweruke, makamaka posinthana makope ndi mnzake, chifukwa zinthu zimene akusakazo, kachizindikiro kochotsera ndi kadontho ka pakati pa manambala, ndi zomwe zimasowa pa kuwala kofiira. Nyali ikhale mbali ya dzanja limene salembera kuti chithunzithunzi cha dzanja chisagwere pa mzere umene akulemba, ndipo ngati ndi koloboyi, zenera likhale lotsekula pang'ono chifukwa utsi wa palafini umaliritsa maso ndi kupweteketsa mutu ola lisanathe. Kwa makolo pempho ndi lachindunji: masiku atatu pa sabata, ola limodzi limene mtsikanayo satumidwa, ngakhale kukatenga mchere kwa aneba. Pepala loyesera nthawi likadulidwa pakati silionetsanso ngati mwana amamaliza mu nthawi yake, ndipo ayenera kuliyambanso tsiku lina. Ntchito za ola limenelo achimwene ake angathe kugwira, ndipo kasola ka nyali kaikidwe padzuwa m'mawa mwana asanapite ku sukulu, galasi lake litapukutidwa fumbi.